Payipilayini ikunena kuti yamaliza bwino, koma deta inaima m'mawa: tiyeze chiyani?

Tiyamike: Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumasamala mapayipilayini oyenda mobwerezabwereza. Tili ndi ntchito imene imatenga mizere ya tebulo la `orders` mu PostgreSQL n'kukaiika m'nkhokwe ya deta pa mphindi 15 zilizonse, ndipo ulendo umodzi umatenga mphindi 4 kapena kupitirirako pang'ono. Dzulo pulogalamu yoyendetsa ntchitoyi inaonetsa maulendo onse ali obiriwira kuyambira m'mawa mpaka masana, koma anthu owerenga malipoti anadandaula kuti manambala a malonda sakusintha, ndipo titayang'ana tinapeza kuti mzere womaliza m'nkhokwe unali wa 06:42. Payipilayini imayenda ulendo uliwonse, osapeza mzere watsopano, n'kunena kuti yamaliza bwino. Kodi tiziyeza chiyani kuti tidziwe ngati payipilayini ili moyodi, popeza mtundu wobiriwira sunatiuze chilichonse?

Limbani: Ine ndikanayamba ndi netiweki, a Tiyamike. Kuchedwa kwa deta kawirikawiri kumachokera pa mzere wolumikiza maseva awiriwo. Yesani `ping` kuchokera pa seva ya payipilayini kupita ku detabesi, ndipo ngati yankho likubwera mochedwa kapena mapaketi ena akutayika, vuto lanu mwalipeza.

Tiyamike: Zikomo a Limbani, koma netiweki inalibe vuto. Payipilayini imalumikizana ndi detabesi bwinobwino, funso lake limayankhidwa mwachangu, kungoti yankho lake linali mizere 0 ulendo uliwonse. Kuchedwa kumene ndikunena ndi kwa maola, osati kwa tizigawo ta sekondi.

Chisomo: Nkhaniyi ndi yophweka. Musamayeze ntchito, muziyeza deta yomwe yafika. Funsani nkhokwe kuti mzere wake watsopano kwambiri ndi wa nthawi yanji, ndipo muchotse nthawi imeneyo pa nthawi ya tsopano.

```sql
SELECT now() - max(updated_at) FROM orders;
```

Yankho likapitirira mphindi 15, alamu ilire, chifukwa payipilayini yanu inalonjeza kubweretsa deta pa mphindi 15 zilizonse. Dzulo alamu yotereyi ikanalira isanakwane 07:00.

Mphatso: A Chisomo alondola pa chinthu chachikulu, chakuti umboni uli mu deta osati mu lipoti la ntchito, koma malire a mphindi 15 adzakuvutitsani tsiku loyamba lomwe. Tiyeni tiwerengere limodzi pogwiritsa ntchito manambala a a Tiyamike. Ulendo wa 10:00 umawerenga zonse zimene zinalembedwa kufikira 10:00, ndipo umamaliza kuziika m'nkhokwe 10:04. Pa nthawi imeneyo mzere watsopano kwambiri m'nkhokwe wakhala kale mphindi 4. Kuyambira pamenepo palibe chatsopano chimene chikufika, choncho msinkhu wa deta ukungokwera mphindi ndi mphindi. Ulendo wa 10:15 ukayamba, nkhokwe sinasinthebe, ndipo imasintha 10:19 ulendowo ukamaliza. Pofika 10:19 msinkhu wa deta wafika mphindi 19, kenaka ukugwa kubwerera pa 4.

Izi zikutanthauza kuti payipilayini yopanda vuto lililonse imayendayenda pakati pa mphindi 4 ndi 19, ndipo mukajambula girafu yake imaoneka ngati mano a macheka. Alamu ya mphindi 15 izilira kuyambira 10:15 mpaka 10:19, kenaka 10:30 mpaka 10:34, tsiku lonse, ndipo pakutha pa sabata aliyense adzakhala atasiya kuimvera. Nsonga ya dzino lililonse ndi mpata wa pakati pa maulendo kuphatikiza kutalika kwa ulendo umodzi, ndipo malire ayenera kukhala pamwamba pa nsongayo. Ulendo umodzi ukalephera koma wotsatira n'kuyenda bwino, nsonga imafika pa mphindi 34. Ine ndikanaika chenjezo lofatsa pa mphindi 25, losonyeza kuti ulendo wachedwa kapena walephera, ndipo alamu yodzutsa munthu ndikanaiika pa mphindi 40, pamene tikudziwa kuti vuto silinadzithetse lokha pa ulendo wachiwiri.

Chisomo: Ndavomera za malire. Koma funso la SQL lija mukulivomereza, eti?

Mphatso: Ndikulivomereza masana, usiku ayi. Funsolo limasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Likanena kuti mzere womaliza ndi wa maola awiri apitawo, mwina payipilayini yaima, kapena mwina palibe amene wagula kanthu m'maola awiriwo. Pa tebulo lolandira mizere sekondi iliyonse kusiyanaku sikuoneka, koma pa tebulo limene limakhala chete usiku kapena kumapeto kwa sabata, alamu idzadzutsa munthu chifukwa chakuti makasitomala akugona. Anthu ambiri akatopa nazo amakweza malire kufika pa maola 12, ndipo zikatero vuto ngati ladzulo limatha theka la tsiku lisanadziwike.

Chisomo: Ndiye tifunse mbali zonse ziwiri. Titenge `max(updated_at)` ku gwero, titengenso ku nkhokwe, tione kusiyana kwake. Gwero likakhala chete, manambala awiriwo adzafanana ndipo alamu sidzalira. Gwero likamalandira mizere koma nkhokwe osalandira, mpata udzakula.

Tiyamike: Apa pali mfundo imene sindinaitchule, ndipo mwina ndi imene yasokoneza zonse. Payipilayini yathu siwerenga pa seva yaikulu, imawerenga pa seva ya kope kuti isalemetse yaikuluyo. Anzathu osamala detabesi atiuza m'mawa uno kuti kope linasiya kulandira zosintha cha m'ma 06:42. Linaduka kwa kanthawi, ndipo pobwerera linapeza kuti seva yaikulu yafufuta kale mafayilo a WAL, kaundula wa zosintha zonse za mu detabesi, amene limafuna. M'malogi mwake munali uthenga wonena kuti `requested WAL segment ... has already been removed`. Ngakhale zinali choncho, kope linapitiriza kuyankha mafunso onse owerenga ngati palibe chachitika. Tikanafanizira kope ndi nkhokwe monga mukunenera, a Chisomo, mpata ukanakhala 0 tsiku lonse.

Mphatso: Zimenezi n'zimene ndimaganizira, ndipo zikuonetsa chifukwa chake muyeso uyenera kuyambira pamene deta imabadwira, osati pamene payipilayini imaitengera. Njira imene ndimaidalira ndi kupanga tebulo laling'ono la mzere umodzi pa seva yaikulu, ndi kantchito kamene kamalemba nthawi mumzeremo mphindi iliyonse, usana ndi usiku, kaya pali malonda kaya palibe.

```sql
UPDATE heartbeat SET updated_at = now() WHERE id = 1;
```

Tebulo limeneli lizidutsa njira yomweyo imene `orders` imadutsa: lifike pa kope kudzera mu WAL, litengedwe ndi ulendo womwewo wa payipilayini, lilembedwe m'nkhokwe pamodzi ndi mizere ya malonda. Kenaka funso la a Chisomo mulifunse pa `heartbeat` m'nkhokwe. Popeza tikudziwa kuti gwero limalemba mphindi iliyonse, kukalamba kwa mzerewu sikungakhale chifukwa cha kusowa kwa makasitomala, koma kuti penapake pa njira patsekeka. Mano a girafu angokwera ndi mphindi imodzi basi, nsonga kufika pafupifupi 20, ndipo malire a 25 ndi 40 aja akhalabe oyenera. Dzulo mzerewu ukanaima pa 06:42, chenjezo likanabwera cha m'ma 07:07 ndipo alamu yaikulu cha m'ma 07:22, ngakhale maulendo onse anali obiriwira.

Chinthu chimodzi chofunika kusamala ndi chakuti musapangire `heartbeat` payipilayini yakeyake. Ndinaonapo gulu lina litachita zimenezi pofuna ukhondo, ndipo mzere wawo umafika pa nthawi yake tsiku ndi tsiku pamene ntchito yeniyeni inali itafa. Chimene ankayeza chinali thanzi la payipilayini ya `heartbeat` yokha.

Limbani: Koma PostgreSQL ili kale ndi njira yoonera kutsalira kwa kope. Bwanji osangogwiritsa ntchito imeneyo m'malo mowonjezera tebulo?

```sql
SELECT now() - pg_last_xact_replay_timestamp();
```

Mphatso: Imeneyo ndi yothandiza, a Limbani, ndipo dzulo ikanaonetsa vutoli. Koma ili ndi chilema chofanana ndi cha `max(updated_at)`: imapereka nthawi ya thiranzakishoni yomaliza imene kope labwereza, choncho seva yaikulu ikakhala kuti sikulemba kanthu, nambala imakwera ngakhale kope silinatsalire. Chosangalatsa n'chakuti tebulo la `heartbeat` limachiritsanso chilema chimenechi, popeza seva yaikulu sikhalanso chete kupitirira mphindi imodzi. Komanso funso lanulo likuyeza gawo limodzi lokha la njira, kuchokera pa seva yaikulu kufika pa kope. Ndikanalisunga kuti lizithandiza kupeza pamene patsekeka alamu ikalira, koma alamu yeniyeniyo ndikanaiika kumapeto kwa njira, kumene owerenga malipoti amaima.

Takondwa: Ndalowa mochedwa, koma ndili ndi nkhani yanga yofananako. Kwathu timayeza kuchedwa kwa mzere uliwonse. Payipilayini imawonjezera danga la `loaded_at` polemba, ndipo timachotsa `updated_at` pa `loaded_at` n'kutenga avareji ya ola lililonse. Mwezi woyamba avareji imatuluka yochepera 0, ngati kuti mizere imafika isanalembedwe. Tinapeza kuti pulogalamu ya ku gwero imalemba nthawi ya m'dera lake m'danga la `timestamp without time zone`, pamene nkhokwe imalemba mu UTC. Chimene chinatitsegula maso n'chakuti kusiyanako kunali kwa maola athunthu, kosasintha usana ndi usiku, pamene kuchedwa kwenikweni sikukhala kosalala chotero. Titakonza, avareji yathu yakhala yokhazikika, ndipo ine ndimaikhulupirira kuposa njira zonse mwatchulazi.

Mphatso: Chenjezo la nthawi za madera ndi loona, a Takondwa, ndipo a Tiyamike aonetsetse kuti danga la `heartbeat` ndi `timestamptz`. Koma avarejiyo musaikhulupirire yokha. Kuchedwa kwa mzere kumawerengedwa pa mizere imene yafika basi. Mzere umene sunafike ulibe `loaded_at`, choncho sulowa mu avareji. Dzulo kwa a Tiyamike girafu yotereyi ikanaonetsa manambala abwino mpaka ulendo wa 06:45, kenaka ikanangokhala yopanda kanthu, ndipo madashibodi ena amajambula mzere wowongoka pa nambala yomaliza kapena kusiya malo oyera amene diso limawadumpha. Kope likakonzedwa, mizere yonse yotsalira imafika nthawi imodzi ndipo avareji imalumpha kufika pa maola angapo. Muyeso umenewu umakuuzani za ngozi itatha kale.

Sindikunena kuti muutaye. Umayankha funso lina, lakuti sabata yathayi deta imachedwa motani kwa anthu oigwiritsa ntchito. Pa payipilayini ya a Tiyamike, mzere wolembedwa 10:14 umafika 10:19, wachedwa mphindi 5, pamene wolembedwa 10:01 umafikanso 10:19, wachedwa mphindi 18. Avareji ikhala pakati pa 11 ndi 12, ndipo palibe cholakwika. Ndikanakonda kuona nambala imene mizere 95 pa 100 iliyonse imafika isanaipitirire, chifukwa avareji imabisa ola limodzi loipa pakati pa maola ambiri abwino.

Takondwa: Pamenepo ndamva, ngakhale kwathu mizere sinasiyepo kufika kotheratu, choncho sindinaonepo dzenje mukunenalo.

Chisomo: Tsono tikhoza kunena kuti `heartbeat` ikakhala yatsopano, payipilayini ili bwino?

Mphatso: Ayi, ndipo apa ndi pamene ndimafuna tikhalepo pang'ono, chifukwa vuto lotsatirali ndi lobisika kuposa ladzulo. A Tiyamike, payipilayini yanu imadziwa bwanji pomwe inalekezera?

Tiyamike: Imasunga `updated_at` yaikulu kwambiri imene yaiona, ndipo ulendo wotsatira imatenga mizere ya `updated_at` yoposa pamenepo. Danga limeneli limadzazidwa ndi `now()` pa seva yaikulu.

Mphatso: Mu PostgreSQL, `now()` imapereka nthawi imene thiranzakishoni inayamba, osati imene inatsirizidwa. Tiyerekeze kuti ntchito ina yokonza maoda ambiri yayamba 09:58 ndipo yachita `COMMIT` 10:03. Mizere yake yonse ili ndi `updated_at` ya 09:58, koma palibe wina angaione isanafike 10:03. Ulendo wa 10:00 ukuwerenga, sukuiona, koma ukuona mizere ina ya mathiranzakishoni afupiafupi kufikira 09:59, ndipo ukusunga 09:59 ngati polekezera. Ulendo wa 10:15 ukufunsa mizere yoposa 09:59. Mizere ya 09:58 ija tsopano ikuoneka, koma ili kumbuyo kwa polekezera, ndipo palibe ulendo umene udzaitenge pokhapokha wina ataisinthanso.

Taonani zimene miyeso yathu yonse ikunena pa nthawi imeneyi. `heartbeat` ndi yatsopano. `max(updated_at)` ndi yatsopano. Avareji ya a Takondwa ndi yokongola, popeza mizere yosowayo sinalowemo. Deta ndi yatsopano koma ndi yoperewera, ndipo muyeso uliwonse wogwiritsa ntchito `max` sungaone zimenezi, chifukwa mzere umodzi watsopano umakwanira kuukhutiritsa ngakhale mizere masauzande itasowa kumbuyo kwake.

Limbani: Nanga kusintha `now()` kuti ikhale `clock_timestamp()` sikungathetse vutoli? Imeneyo imapereka nthawi yeniyeni ya pamene mzere ukulembedwa.

Mphatso: Kumachepetsa mpata koma sikuutseka, popeza mzere wolembedwa 09:58 ukhozabe kudikira mpaka 10:03 kuti uoneke. Chimene chimathandiza ndi kubwerera m'mbuyo pang'ono ulendo uliwonse, mwachitsanzo kuwerenga kuyambira mphindi 30 polekezera pasanafike, ndi kulemba m'nkhokwe m'njira yakuti mzere wa `id` imene ilipo kale usinthidwe m'malo mobwerezedwa. Pambali pa zimenezo pakufunika muyeso wachiwiri, wa kukwanira kwa deta. Muwerenge mizere ya ola lililonse limene latha kale, mbali zonse ziwiri, pogwiritsa ntchito danga losasintha.

```sql
SELECT date_trunc('hour', created_at), count(*)
FROM orders
WHERE created_at >= now() - interval '24 hours'
GROUP BY 1
ORDER BY 1;
```

Ola limene lili mkati musalifanizire, chifukwa lidzasiyana nthawi zonse, ndipo ola loyamba la pa mndandanda mulisiyenso popeza ladulidwa pakati. Ku gwero muwerenge pa seva yaikulu, pa chifukwa chimene a Tiyamike atiphunzitsa kale.

Takondwa: Kuwerengako kugwira mizere yatsopano yosowa, koma sikugwira mzere umene unafika kale ndipo kusintha kwake kokha n'kumene kwasowa. Oda imene yathetsedwa ku gwero koma m'nkhokwe ikuonekabe yolipidwa siisintha `count(*)`. Komanso mphindi 30 mwazitenga kuti, a Mphatso? Kwathu pali ntchito ya usiku imene imagwira thiranzakishoni imodzi kupitirira ola.

Mphatso: Mfundo zonse ziwiri ndi zoona. Pa yoyamba, mukhoza kuwonjezera `status` pa `GROUP BY` kapena kuphatikiza danga la ndalama ndi `sum`, ndipo mudzagwira zambiri, ngakhale si zonse. Pa yachiwiri, 30 chinali chitsanzo chabe. Nambala yoyenera imachokera pa thiranzakishoni yaitali kwambiri imene imalemba m'tebulolo, ndipo mukhoza kuidziwa poyang'ana `xact_start` mu `pg_stat_activity` kwa masiku angapo. Ikapitirira ola, kubwerera m'mbuyo chotero pa mphindi 15 zilizonse kumalemetsa ulendo, ndipo ena amasankha kusiya `updated_at` n'kuyamba kuwerenga zosintha kuchokera mu WAL, kumene zimatuluka motsatira dongosolo la `COMMIT`.

Chisomo: Ine pamenepo sindikugwirizana nazo kwenikweni. Kuwerenga WAL kumabweretsa udindo wina, chifukwa wowerenga akaima, seva yaikulu imasunga mafayilo omudikira mpaka diski ikhoza kudzaza. Kwa gulu laling'ono ndikanakonda ulendo umodzi wa usiku wobwerezanso masiku awiri apitawo, n'kuvomereza kuti mizere yochepa izichedwa mpaka m'mawa.

Mphatso: Zimatengera amene akuwerenga deta. Ngati ndi malipoti a tsiku, njira yanu ikukwanira. Ngati wina akutumiza katundu potengera tebulolo, sikukwanira.

Tiyamike: Ndafunsa gulu la detabesi kuti lipange tebulo la `heartbeat` lero. Funso langa lomaliza ndi lakuti muyesowu uziyenda kuti. Ndimaganiza zouika ngati sitepe yomaliza ya payipilayini.

Mphatso: Musauike mmenemo. Pulogalamu yoyendetsa ntchito ikafa, sitepe yomalizayo siyenda, ndipo alamu imakhala chete pa nthawi imene ikufunika kwambiri. Muyeso uziyendetsedwa ndi chinthu china, mphindi iliyonse kapena ziwiri. Ngati muli ndi Prometheus, tumizani nthawi ya mzere wa `heartbeat` yokha ngati nambala ya masekondi, osati msinkhu wowerengedwa kale, kuti kuchotserako kuchitike ku mbali ya alamu. Mukatero, nambala ikangoima osasintha, msinkhu umakwerabe wokha.

```
time() - heartbeat_timestamp_seconds > 2400
absent(heartbeat_timestamp_seconds)
```

Masekondi 2400 ndi mphindi 40 zija, ndipo mzere wachiwiri umalira nambalayo ikasoweratu. Pa girafu muziyang'ananso kunsi kwa mano, osati nsonga zokha. Kunsiko ndi kutalika kwa ulendo umodzi. Mukaona kukukwera kuchoka pa 4 kufika pa 6, kenaka pa 9 m'miyezi ikubwerayi, dziwani kuti tsiku lina ulendo udzapitirira mphindi 15 n'kukumana ndi wotsatira, ndipo alamu ya 25 ikhala itayamba kale kulira popanda chimene chasweka.

Takondwa: Nanga mizere yofufutidwa ku gwero? Payipilayini yodalira `updated_at` siiona n'komwe, ndipo kuwerenga kwa maola 24 kuja sikugwira oda ya mwezi watha imene yafufutidwa lero.

Tiyamike: Kwathu maoda safufutidwa, amangosinthidwa `status`, koma pa tebulo la makasitomala zimachitika. Ndiyamba ndawerenga mizere yonse ya tebulo limenelo mbali ziwiri usiku uno kuti ndione ngati manambala akusiyana, ndipo ndidzalemba pano zimene ndipeze.